Chala cha Amayi pa Kalata ya Agogo

Achimwene anga timawatcha a Tcheya. Palibe anawasankha. Anangodzuka tsiku lina n'kutsegula gulu la banja pafoni, n'kudziika okha kukhala oyang'anira, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale mphaka akafa, wolengeza amayenera kukhala iwowo.

Ndiye amayi ataponya chithunzi cha kalata m'gulumo, a Tcheya anaitenga nkhaniyo ngati yawo. Amayi anaipeza kalatayo m'thumba la jekete ya malemu bambo. Analemba ndi malemu agogo, amayi awo a bambo, nthawi imene bambo ankagwira ntchito kutali, ife tili ana, agogowo akukhala nafe. Vuto linali lakuti agogo analemba m'chiyankhulo cha kwawo. Bambo ankachidziwa koma sanatiphunzitse, ndipo amayi pa zaka zonse za ukwati anatolapo moni ndi mawu awiri otukwanira basi.

A Tcheya anachiika chithunzicho m'pulogalamu yomasulira ya pafoni. Zimene zinatuluka sanazitumize m'gulu. Anandiimbira ineyo.

"Iwe, agogo ankandida kodi?"

"Bwanji achimwene?"

"Tamva izi. 'Mwana wako woyamba ndi mbuzi ya mutu waukulu. Amadya ngati moto. Ndidzamuluma.'"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa za mutuzo foniyo sinaname.

"Koma m'munsimu muli zabwino," anapitiriza. "Akuti, 'Amene adzasunge banja lino ndi...' kenako zilembo zachabechabe. Pamenepo mpamene pali dzina langa. Tipeze katswiri. Ndikufuna kalatayi iikidwe m'felemu, ndikaiwerenge pamsonkhano wa banja."

Katswiriyo tinamupeza kuseri kwa shopu yochita fotokope, m'kachipinda ka mipando iwiri ndi fani imene inkangotembenuza mutu osatulutsa mphepo. Anali mayi wachikulire amene ankatanthauzira milandu kukhoti mpaka kupuma pantchito. Anatenga chithunzicho n'kuchikuza pakompyuta, n'kuyamba kuwerenga, mlomo ukugwedera. Kenaka anaseka pang'ono.

"Agogo anuwa anali ndi pakamwa," anatero. "Woyamba kubadwa ndi inuyo, bambo?"

A Tcheya anakonza tayi. "Ndine ndithu."

"Foni yanu yawerenga mawu koma sinamve mmene akunenera. Sanalembe kuti mbuzi. Pali kachidutswa kumapeto kwa liwuli kochepetsa, kamene amanenera mwana wokondedwa. Kulumako nakonso, kwawoko ndi mmene agogo amanenera akamasisita kamwana patsaya. Ine ndingalembe chonchi: 'Kachisamba kako, kambuzi kangaka, kakudya ngati moto wolusa, ndipo mutu ndiye ukukula kuposa chipewa. Kamandikoma mtima mpaka ndimafuna kungokameza.'"

Anali agogo enieni, ngati alowa m'chipindamo ndi ndodo yawo.

A Tcheya anakanda chibwano. "Zili bwino. Koma kambuziko sitingaike kamkango?"

"Mkango mulibemo."

"Koma tanthauzo lake ndi lomwelo, nyama yamphamvu."

"Bambo, ine ndimasamutsa katundu. Mukandipatsa mbuzi kutsidya kuno, kutsidya linalo imafika mbuzi."

Anatifotokozera mmene amagwirira ntchito. Choyamba amakopera kalata yonse m'chiyankhulo chake chomwecho, mzere ndi mzere, kenaka n'kumasulira. Pamene pawonongeka amaika mabulaketi n'kunena chimene chachitika ndi kukula kwa malowo. Liwu limene akungoliganizira amaliika chizindikiro cha funso. Ndipo m'kalata yathuyi malo ovuta analipo atatu. Pamzere wachinayi panali kuwala kwa fulashi. Pamzere umene a Tcheya ankaufunawo pepala linabooka popindira. Kumunsi kudzanja lamanja kunali chala.

"Fulashi ndi chala ndi matenda a chithunzi, amachira," anatero mayiyo. "Ajambulenso masana pafupi ndi zenera, fulashi azimitse, pepala aliyale patebulo. Koma bowolo ndi matenda a pepala."

"Ndiye pabowopo mungolembapo kuti woyamba kubadwa," anatero a Tcheya motsitsa mawu, ngati akuuza wapolisi wa pamsewu kuti timvane. "Aliyense akudziwa."

"Ngati aliyense akudziwa, palibe chifukwa cholembera."

Ndinawaimbira amayi n'kuwauza za zenera ndi tebulo. Chithunzi chachiwiri chinafika chowala bwino, ndipo mzere wachinayi unawerengeka: agogo ankadandaula kuti bondo lawo limalosera mvula kuposa wayilesi. Koma chala chinali pomwepo. Ndinaimbanso.

"Amayi, chotsanipo chala."

"Pepala likuuluka ndi mphepo."

"Tsekani zenera, kapena ikanipo kapu."

Chachitatu chinabwera ndi kapu pakona yakumanzere, chala pakona yakumanja.

Patapita masiku awiri mayi womasulira anatipatsa ntchito yake, yotayipidwa bwino. A Tcheya anafika pamzere wawo n'kupeza: "Amene adzasunge banja lino ndi [pepala labooka popindira, pasowa liwu limodzi lalifupi]." Anafwenthera. Kumunsi kunalembedwa: "Kunena za mkazi wako, [mizere iwiri ndi theka yabisika ndi chala chachikulu cha wojambula, pazithunzi zonse zitatu]. Uzivala jekete, kumeneko kumazizira."

A Tcheya anaitumiza m'gulu pamodzi ndi uthenga wautali wofotokoza kuti liwu lalifupi likhoza kukhala chidule cha dzina lawo. Banja lonse linathamangira kuchala. Msuweni wina anafunsa ngati chalacho chamatirira papepala. Azakhali, amene sanalembepo kanthu m'gulumo chitsegulireni, analemba kuti, "Alamu, mukubisa chiyani?" Wina anakuza chithunzicho n'kutumiza chala chokha, chikhadabo chake chikunyezimira. Amayi anatuluka m'gulu. A Tcheya anawabwezamo. Anatulukanso.

M'mawa mwake ndinapita kwa amayi. Ndinawapeza akusita nsalu za patebulo zimene zinali zositasita kale.

"Chiyankhulocho sindichidziwa," anatero osandiyang'ana, "koma dzina langa ndimalidziwa. Lili pamenepo. Iwe unali mwana, sukudziwa. Apongozi anga aja sanandiyamikirepo ngakhale tsiku limodzi. Madzi osamba akatentha, ndafuna kuwasupula. Akazizira, ndafuna kuwapha ndi chibayo. Zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye lero adzuke kumanda kudzanditukwana pamaso pa azakhali ako, m'felemu?"

"Nanga munaitumiziranji?"

"Ndimafuna mumve za inuyo. Za ine ndinazimva kale ndi makutu anga."

Ndinawauza kuti tipite awiri, popanda a Tcheya. Zikakhala zoipa, mayi uja auza iwo okha. Amayi anavala diresi ya kutchalitchi, kalata anaiika m'kati mwa buku la nyimbo, ngati akupita kukamva chigamulo.

Tinapeza a Tcheya atafika kale. Anabwera kudzapempha kuti mawu akuti "lalifupi" achotsedwe.

Mayi womasulira anasamba m'manja, nayala kalatayo papepala loyera. Anayamba ndi bowo lija, kuti a Tcheya apume. Analiyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Pachithunzi sizimaoneka, koma m'mphepete mwa bowoli mwatsala zilembo ziwiri zoyambirira," anatero. "Sichiyambi cha dzina lanu, bambo, kapena la mlongo wanuyu. Mawu amene ndikuwadziwa oyamba chonchi, okwana pamalopa, ndi awiri. Lina ndi Mulungu. Linalo ndi ndowa."

"Ndowa?"

"Ine ndilemba Mulungu, ndi chizindikiro cha funso. Za ndowazo ndiika m'munsi mwa tsamba, kuti amene akufuna adziwe."

A Tcheya anatsegula pakamwa, koma kulimbirana udindo ndi Mulungu pamaso pa amayi ovala diresi ya kutchalitchi kunawakanika. Anakhala pansi.

Kenaka mayiyo anafika pakona ija. Anawerenga chamumtima, n'kuvula magalasi.

"Mayi, ana atuluke kapena akhale?"

Amayi anawongola msana. "Akhale. Amve mmene ndinkakhalira."

"Ndimasulira mmene alembera, osathira shuga. Akuti: 'Kunena za mkazi wako,'" apa anatchula dzina la amayi, "'amalongolola ngati mpopi wotha, ndipo ndimamuputa dala kuti m'nyumba musakhale zii. Amandisambitsa ngati khanda lake. Iyeyu ndiye mwana wanga wamkazi. Usamuuze, angayambe matama.'"

Amayi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Mpopi wotha," anatero.

"Liwu lake ndi la mpopi umene umadontha usiku wonse. Ndinaganiza zoika wodontha, koma wotha ndi mmene akanakunenerani pamaso."

"Ndi iwowo," anatero amayi. "Mwawatenga ndithu." Anatulutsa kansalu m'chikwama n'kupukuta m'maso mwaukali, ngati maso awalakwira. "Nkhalamba yoipa mtima. Zaka zonsezi. Ndi bambo ako omwe, kuyenda nayo m'jekete osandiuza!"

"Anauzidwa kuti asanene," ndinatero.

"Ndi liti anayamba kumvera?"

Msonkhano wa banja unachitikira m'holo ya sukulu, pamipando ya pulasitiki. A Tcheya anabwera ndi felemu yaikulu ngati chitseko cha kabati. Anawerenga okha, ndi mawu a pamaliro a munthu wolemera. Pa kambuzi anathamangapo ngati pamoto, koma ana a msuweni wathu anamva, ndipo mpaka lero akawaona amalira mee. Atafika pabowo anaima, nayang'ana anthu onse, nati, "Apa akatswiri sakugwirizana." Katswiri anali mmodzi.

Za amayi anawerenga bwino, ndisaname. Mawu anawathera pakati, ndipo ndinamalizitsa ndine.

Azakhali, mwana wamkazi yekhayo amene agogo anabereka, anakhala manja ali pachifuwa mpaka anthu atatha kuwomba m'manja. Kenaka anandikodola n'kundifunsa kuti mayi womasulirayo anaphunzira kuti, ndipo ngati pali wina amene angaionenso kalatayo. Ndinawapatsa adiresi ya shopu ya fotokope ija. Anapitadi Lolemba lake, atanyamula makalata asanu ndi anayi amene agogo anawalembera iwowo, omwe anakhala zaka zambiri akunena kuti amawamva bwinobwino.