Zimene Eneya anamva m'chigafa

Eneya Makwinja anafika ku Mchinji mu 1999, atakwera lole ya mwini esiteti imene inapita kukatenga anthu antchito ku Phalombe. Kumudzi anasiya mkazi wake Esitele ndi mwana wamkazi, Tiyanjane, amene anali atangoyamba kuyenda. Anapangana kuti akagwira chaka chimodzi, nyumba ikapezeka adzawatenga. Nyumbayo sinapezeke. Pa esiteti ya fodya ija, kufupi ndi Mkanda, amuna opanda mabanja ankagona anayi m'kachipinda kamodzi, ndipo Eneya ankapita kwawo kamodzi kokha pa chaka, fodya akatha kudindidwa.

Anali munthu wamantha ndi matenda. Mkulu wake anamwalira atauma ngati nkhuni, ndipo Eneya ndiye ankamunyamula kupita naye kuseri. Choncho anzake akamapalasa njinga Loweruka kupita ku Mkanda kukamwa ndi kukafuna akazi, iye ankatsala. Thupi likamuvuta ankadzithandiza yekha ndi dzanja, n'kupepesa kwa Mulungu, n'kudzuka m'mawa kupita kumunda. Anakhala choncho zaka ziwiri osakhudza mkazi wina.

Tsiku lina akusankha fodya m'chigafa, nkhani inagwera pa kapitawo wakale amene mkazi wake anamuthawa. Amene ankaikamba anali Pius, tenanti wa ku Kapondo, wamkulu kwa Eneya ndi zaka khumi, munthu wodziwa kukometsa nkhani.

“Ujatu anagwa mu mpapaya chifukwa cha dzanja lake lomwe,” anatero Pius. “Kubunyula kumapha munthu, anyamata inu. Misempha imafooka, umuna umatha, chida n'kumabwerera m'kati pang'onopang'ono. Ukadzafika kwa mkazi, zii, ngati nsanza yonyowa.”

Anthu anaseka. Pius anatembenuka n'kumuloza ndi tsamba la fodya.

“Nanga a Phalombe awa, amene sapita ku Mkanda, amatani? Achimwene, mudzafika kwanu muli mlongo wa akazi anu.”

Eneya anaseka nawo, koma mawuwo anamulowa. Unali mwezi wa Juni, ndipo kuzizira kwa ku Mchinji sikuli ngati kwa kwawo. M'mawa mwake akusamba kudambo anadziyang'ana, napeza chakhwinyata, chaching'ono ngati cha mwana. Anayang'ananso tsiku lotsatira, chimodzimodzi. Anathyola kaphesi n'kuyamba kudziyeza m'mawa uliwonse asanavale, ndipo tsiku lililonse ankaona ngati chachepako.

Mu Ogasiti anapita kumudzi. Ulendo unali wa masiku awiri, ndipo njira yonse ankangoganiza chinthu chimodzi. Atafika, alamu ake anamulandira ndi kachasu, iye anamwa kwambiri kuti alimbe mtima. Atalowa m'nyumba ndi mkazi wake, thupi linakana. Esitele anamusisita pamsana.

“Mwatopa, bambo a Tiyanjane. Gonani, mawa kuliponso.”

Mawa lake zinakanikanso, chifukwa asanamukhudze n'komwe mtima unali ukugunda kale ngati wa mbava. Tsiku lachitatu anayamba kuchedwa dala kubwalo. Esitele anafunsa ngati kuli mkazi wina ku Mchinjiko, iye anakalipa, ndipo anabwerera ku esiteti tchuthi chisanathe.

Munthu yekhayo amene anamuuza anali Pius, akuthirira nazale.

“Ndinanena ine,” anatero Pius, koma mosaseka. Anamumvera chisoni ndithu. “Musadandaule, mankhwala ake alipo. Tafunani gondolosi, dzanjalo mulisiye, ndipo mupeze mkazi woti adzutse thupilo. Chinthu chinazolowera dzanja, chiyenera kukumbutsidwa. Koma osavala kondomu, apo ayi palibe chimene mwachita.”

Ku Mkanda kunali mayi wina dzina lake Malita, wogulitsa mowa kuseri kwa msika. Mwamuna wake anali dalaivala wa malole opita ku Chipata, ndipo anamwalira n'kumusiyira ana atatu. Eneya anapita kumeneko Lamulungu masana, anthu ali kutchalitchi. Malita anatulutsa kondomu pansi pa mphasa.

“Valani, bambo. Ine amuna anga sindidziwa chinawatenga.”

Eneya anakumbukira mkulu wake. Komabe anapukusa mutu. Malita anamuyang'ana, nabweza kondomuyo pamalo pake.

Tsiku limenelo zinatheka. Kwa munthu wachilendo uyu analibe choti ataye, ndipo sanamwe kanthu. Anapalasa njinga kubwerera ku esiteti akuimba nyimbo, n'kukamugulira Pius mowa. Anapitanso kwa Malita kangapo, mpaka mvula itayamba. Chaka chotsatira atapita kumudzi zonse zinayenda bwino, Esitele anasangalala, ndipo Eneya ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti anachira.

Kumayambiriro kwa 2003 anamva kuti Malita anamutengera kwawo ku Mavwere pa ngolo ali wodwala kwambiri, ndipo sanabwererenso. Patapita miyezi ingapo Eneya anatuluka matuza oyaka ngati moto, kuchokera pamsana kuzungulira mbali imodzi mpaka pachifuwa. Atapola anayamba kutsegula m'mimba. Pa lamba wake anaboola mabowo awiri atsopano. Thupi linayambanso kukana kudzuka, ndipo chimene chinamupititsa kuchipatala cha mishoni chinali chimenecho, osati zinazo.

Amene anamuona anali a Chisale, dokotala wa imvi za m'mbali, wolankhula pang'onopang'ono. Eneya anayamba ndi mutu, kenako msana, mpaka a Chisale anaika cholembera pansi.

“Bambo Makwinja, mwapalasa njinga mtunda wonsewu chifukwa cha mutu?”

Eneya anayang'ana pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira m'chigafa muja. A Chisale sanamudule. Atamaliza anamufunsa:

“Nthawi imene munalephera kwa akazi anu ija, m'mawa mukamadzuka thupi linkadzuka?”

“Linkadzuka.”

“Nanga mukakhala nokha?”

“Linkadzukanso.”

“Ndiye kuti misempha ndi magazi zinali bwinobwino. Munali mutayenda masiku awiri, mutamwa kachasu, mukuopa. Mantha okha amakwanira kugwetsa mwamuna wamphamvu, ndipo akalephera kamodzi amaopa kwambiri, n'kulepheranso. Kudziseweretsa sikufooketsa mwamuna. Madokotala akhala akufufuza zimenezi zaka zambiri, ndipo amuna ambiri amachita, okwatira ndi osakwatira omwe, n'kumabereka ana. Munthu akangomaliza, thupi limapuma kaye, kwa ena mphindi zochepa, kwa ena maola, chimodzimodzi ngati wagona ndi mkazi. Umuna sutha, thupi limapanga wina tsiku ndi tsiku.”

“Koma chinachepa, adokotala. Ndinkayeza.”

“Munkayeza kuti?”

“Kudambo, posamba.”

“Mwezi wanji?”

“Juni.”

A Chisale anapuma mozama. “M'madzi ozizira aliyense chimakhwinyata, ngakhale ine. Thupi likafunda chimabwerera. Munthu akakula msinkhu, kukula kwake kumakhala komweko, dzanja silingachepetse kapena kuwonjezera. Zimene zimafooketsadi amuna timaziona pano: shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya wosuta, mowa, nkhawa, ndi kudwala kwa thupi lonse. Inuyo panopa mukudwala, n'chifukwa chake zayambiranso.” Anamuvula shati n'kuyang'ana zipsera zija. “Ndikupempheni tiyeze magazi.”

Eneya anavomera. Anakhala pa benchi panja pafupifupi ola lathunthu, akuyang'ana amayi akuyanika matewera pa waya. Atamuitananso, a Chisale anatseka chitseko n'kumuuza kuti magazi ake apezeka ndi kachilombo.

Sanalire. Anafunsa funso limodzi lokha.

“Ndikanangopitiriza zimene ndinkachita ndekha zija?”

“Sizipatsa matenda. Zoti ndi tchimo kapena ayi, zimenezo ndi za inu ndi mpingo wanu, ine sindilowerera. Koma thupi lanu silikanaonongeka.”

Anamupatsa mapiritsi a bakitirimu ndi a m'mimba. Anamuuza kuti mankhwala otalikitsa moyo alipo ku Lilongwe koma ndi ogula, ndipo akumva kuti mwina boma lidzayamba kugawa aulere, sakudziwa liti. Anamuuzanso kuti mkazi wake ayenera kuyezetsa.

Pobwerera njinga anachita kuikankha pa zitunda. Anamupeza Pius akukonza denga la chigafa, namuuza zimene dokotala ananena za dzanja, za magazizo sanatchule. Pius anatsika pa makwerero akupukusa mutu.

“Amenewo ndi a m'mabuku. Ifetu tinamva kwa akuluakulu. Nanga simunachire inu?”

Eneya anafuna kumumenya, koma mikono inalibe mphamvu. Anaonanso kuti Pius naye khosi latalika, ndipo kolala ya shati ikumukhwepa. Anangomusiya.

Mwezi usanathe kapitawo anamuuza kuti ntchito yamukulira, apite akapume kwawo. Anakwera matola mpaka ku boma, basi mpaka ku Lilongwe, ina mpaka ku Limbe, akutsika pa siteji iliyonse kufunafuna chimbudzi. Anafika kumudzi masana, napeza Esitele akupeta nandolo pakhonde. Mkaziyo ataimirira, Eneya anaona mwana kumbuyo, khanda la miyezi inayi limene iye ankangolimva m'makalata. Linali lowonda, m'kamwa muli zoyera.

Esitele anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, lichero lili m'manja.

“Mwatani, bambo a Tiyanjane?”

Anamuuza ali chikhalire pa khonde pomwepo, zonse, mmene anauzira dokotala. Ponena za dzanja mawu ankamukanika kuposa ponena za Malita. Esitele anamvetsera mpaka kumapeto osakhala pansi.

“Ndiye masiku atatu aja ndi amene munathawira?” anafunsa. “Ine ndinadandaula? Ndinapita kwa ankhoswe? Ndinati mwatopa, gonani.”

“Munatero.”

“Munakafunsa mwamuna mnzanu kumunda, ine ndili pano.”

Tiyanjane anatulukira kuseri kwa nyumba, naima patali, osamuzindikira bwino bambo wake. Esitele anamutuma kuti akaitane agogo ake adzakhale naye mawa, chifukwa iye ndi mwana akulawirira kuchipatala. Kenako analowa m'nyumba, natulutsa mphasa ndi bulangete, nakaziyala m'kanyumba kophikira.

“Mugona umu kaye,” anatero. “Madzi osamba ndikuikirani.”

Khanda lija linamwalira mvula yoyamba isanagwe. Esitele naye anapezeka ndi kachilombo. Sanamuthamangitse mwamuna wake, ndipo ankamuphikira phala ndi kumuchapira mpaka mu Febuluwale, pamene Eneya anamwalira, koma m'nyumba yaikulu sanamulowetsenso.