Madontho Onse Pamwamba pa Mzere

Ba Kabaso amawakonda makina athu atsopano oyezera magazi kuposa mmene amakondera akazi awo, ndipo izi ndinawauzapo pamaso. Amawapukuta m'mawa uliwonse, amawafunditsa nsalu madzulo kuopa fumbi la ku Matero, anawapatsanso dzina loti Madamu. Ine ndi iwo ndife tokha ogwira ntchito mu labu ya kiliniki yathu yaing'ono, ndiye chikondi chonsechi ndimachionera pafupi.

Tonse awiri timaphunzira digiri Loweruka, ndipo mayeso anali pafupi. Ine ndinali nditatenga tchuthi kuti ndiwerenge. Tsiku lomwe ndinabwerera, ndisanavale n'komwe khoti loyera, ndinawaponyera funso lomwe linandizunguza mutu m'minibasi.

"Ba Kabaso, mverani iyi. Control ili na target ya 100. Machine yapasa 108, 109, 108, 108, 109. Ni vuto bwanji?"

"Iyo ni ya bana," anayankha osatembenuka. "Precision ili bwino, accuracy kulibe. Manamba yagwirizana yeka-yeka, koma yonse yataika mbali imozi. Systematic error. Leta ina yolimba."

Anakhoza, ndipo zinandinyansa kuti anakhoza mofulumira chotero. Makina akhoza kubwereza yankho limodzimodzi ulendo uliwonse, yankholo n'kukhala labodza ulendo uliwonse. Kubwereza ndi nkhani ina, kulondola ndi nkhani inanso. Papepala Ba Kabaso izi amazidziwa ngakhale mutawadzutsa kutulo.

Pabenchi panja panali bambo wina wamtali, atavala malaya ositidwa bwino, manja ali m'mutu. Ndinamuzindikira: Ba Benedict Chitalu a ku komboni ya George, omwe kale ankayendetsa minibasi ya njira yathu mpaka mwini wake anaigulitsa. Kuyambira pamenepo ankangodya za maganyu. Tsopano kampani ina ya mabasi akuluakulu opita ku Nakonde inali itawatenga, chotsala chinali kupereka chikalata cha kuchipatala tsiku lomwelo isanakwane 14 koloko. Kampaniyo inali ndi lamulo lake lakuti munthu akapezeka ndi shuga wa 7 kapena kuposa asanadye kanthu, ayambe wapita kukapimidwa zambiri, malo ake apatsidwe wotsatira pamzere.

Shuga wa Ba Benedict anali atatuluka 7.2.

"Nabapima katatu," anandinong'oneza Ba Kabaso, nkhope ili yachisoni ndithu. "7.2, 7.3, 7.2. Madamu sanama, Justina. Namvela chifundo, koma nizachita bwanji?"

Ndinapita kukasamba m'manja. Pamwamba pa sinki pamakhala tchati chathu cha kontirolo. Kontirolo ndi timadzi ta m'kabotolo tomwe timagula todziwika kale kuchuluka kwa shuga wake, ndipo m'mawa uliwonse timatiyeza tisanayeze munthu, kuti tione ngati makina akunena zoona. Yankho lake timaika kadontho patchati. Mzere wapakati ndi 5.5, pomwe payenera kugwera yankho loona. Pamwamba ndi pansi pali mizere yofiira, 5.9 ndi 5.1, ndipo kadontho kakadumpha pamenepo ntchito imaima.

Palibe kadontho komwe kanadumpha. Koma ndinaima sopo ali m'manja, madzi akungotayika.

Kumayambiriro kwa mwezi madontho ankadumphadumpha, lero pamwamba pa mzere wapakati, mawa pansi, monga amachitira makina abwino. Kenako, chapakati pa tchuthi changa, onse anakwera n'kufola bwinobwino pafupi ndi mzere wofiira wapamwamba: 5.8, 5.8, 5.9, 5.8. Ndinawawerenga ndi chala chonyowa, anaposa khumi, popanda limodzi lotsikira pansi. Ndinasangalala ngati mwana, chifukwa funso la m'minibasi lija linali litaima pakhoma pathu lamoyo.

"Ba Kabaso, bwelani muone Madamu banu."

Anabwera, nayang'ana, namwetulira monyada. "Waona? Vili mu line monga ma soldier. Kulibe na imozi yachoka mu red."

Pamenepo ndinapsa mtima. Munthu yemweyu, pakamwa pomwepa, anali atakhoza funso lomweli mphindi zochepa zapitazo.

"108, 109, 108," ndinatero pang'onopang'ono. "Target ni 100. Munakamba ati ni ya bana."

Anandiyang'ana, nayang'ananso tchati. Ndinaona kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono, kenako maso anatong'oka.

"Yaba," anatero. "Vonse vili mbali imozi. Ten pa side imozi, run ni reject. Na four zokonkhana pamwamba pa one SD, pa 5.7, nayo ni reject." Ankatchula malamulo a mu labu okanira zotsatira za makina. Anadzimenya pachipumi. "Ine nenze kuyangana chabe pa red."

Ndiwayamikire apa, pakuti Ba Kabaso si munthu wokakamira. Akagwidwa amathamanga kuposa wowagwira. Anaika chala pa kadontho koyamba kukwera, nawerenga tsiku lake, nathamangira ku firiji. Anatulutsa bokosi la mankhwala omwe makina amasakaniza ndi magazi poyeza shuga, nalitembenuza.

"Ni apa. Iyi day ndiye ninasegula reagent ya lot yanyowani. Sininachite calibrate, ndaba control inangena mu range."

Mankhwala a gulu latsopano sapanga mtundu wofanana ndendende ndi akale, ndiye makina amayenera kuphunzitsidwanso ndi madzi apadera a muyezo wodziwika. Popanda kutero, Madamu ankawerenga ndi muyezo wakale, n'kumawonjezera pang'ono pa yankho lililonse, mokhulupirika, tsiku ndi tsiku.

"Imani," ndinatero. "Nanga ngati ni ka bottle ka control kamene kaonongeka?"

Tinatsegula kabotolo katsopano, tinakasungunula, tinadikira kuti kakhazikike, tinayeza. Panatuluka 5.8. Kontirolo ya shuga wokwera nayo inatuluka pamwamba pa malo ake. Vuto silinali m'kabotolo. Ba Kabaso anavina pang'ono pakati pa labu, munthu woti wangopezeka wolakwa, ine n'kumaseka mpaka misozi.

Ndinatuluka kukawauza Ba Benedict kuti asachoke. Anali ataima kale, chikalata chopanda siginecha atachipinda m'thumba.

"Ba sister, lekani chabe," anatero motopa. "Banipima katatu. Katatu konse chimozimozi. Machine siingalakwe katatu."

"Ingalakwe na ka hundred, ngati ilakwa mofanana. Mukapima katatu pa machine imozi, muona chabe ngati ibweza vamene inakamba. Simuona ngati ikamba zoona."

Anandiyang'ana ngati ndikuwanyengerera. Kenako anandithandiza okha.

"Monga motoka yamene idonsa ku left?" anafunsa mokayika. "Olo ugwile steering straight, iyenda che ku left. Daily, same same."

"Ndiye vamene ivo."

"Iyo ifunika alignment."

"Ndiye yamene tichita manje. Nkhalani pansi. Koma nisakunamizeni, Ba Benedict: siniziba yankho izachoka. Ingasike, koma kapena siizasika maningi."

Izi ndinanena chifukwa zinali zoona. Makina ankawonjezera pang'ono chabe, ndipo munthuyu anali pamalire penipeni. Anakhala pansi. Anali asanadye chilichonse chidzukire, ndipo fungo la vitumbuwa vya amayi ogulitsa pageti linkalowa mpaka pabenchipo.

M'katimo Ba Kabaso anali atalowetsa kale madzi a muyezo aja m'makina. Makinawo amagwira ntchito mwaulemu wake, sathamangitsidwa. Tinaima tonse awiri titawaweramira, ine ndikuyang'ana wotchi yapakhoma, iwo akuwanyengerera Madamu ndi mawu okoma omwe sindinawamvepo akuuza munthu. Atamaliza, tinayezanso makontirolo onse awiri. Yoyamba inatuluka 5.5, pamzere wapakati penipeni. Inzake inagweranso pamalo pake. Tinawombana m'manja mwamphamvu mpaka chikhatho chinandiwawa.

Magazi a Ba Benedict anali akadali m'kachubu ka chivindikiro chotuwa, komwe kamasunga shuga kuti asatsike podikira. Ba Kabaso anandipatsa kachubuko.

"Faka iwe."

Ndinaika. Kunja kondakitala wina ankakuwa "Town, town," ngati akudziwa kuti tili ndi munthu wofunika kupita kumeneko. Kenako manambala anaoneka: 6.8. Tinabwereza, 6.8.

Ndinathamanga ndi pepalalo kwa Ba Mwansa, dokotala wathu, khoti likuuluka kumbuyo. Ndinawafotokozera zonse mwachidule, kuphatikizapo zoti onse omwe tinawayeza shuga chitsegulire bokosi lija tiyenera kuwaonanso, makamaka okhala pamalire. Anagwedeza mutu, nati tiyambe kuwaimbira masana omwewo. Kenako anaitana Ba Benedict.

"6.8 si diabetes," anawauza uku akusaina, "koma si normal. Muli pa door. Chepesani sugar, muziyenda na mendo, mubwele tikapimenso."

Sindikudziwa ngati Ba Benedict anamva zonsezo. Maso awo anali pa cholembera. Chidindo chitagunda, anatenga chikalatacho ndi manja awiri, nachiyang'ana nthawi yaitali. Anandigwira dzanja, anagwira la Ba Kabaso, analowanso mutu mu labu n'kuwerama pang'ono kwa makina.

"Bana banga bazayenda ku sukulu," anatero. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa misozi inali pafupi ndipo sindikonda kulira pamaso pa Ba Kabaso.

Nthawi inalipo yokwanira ngati msewu wa Lumumba sunadzaze. Tinaima pazenera kuwaonerera akuthamangira kumsewu. Atafika pageti anaima, napisa m'thumba. Amayi aja anawakulungira vitumbuwa vitatu, ndipo dzanja la Ba Benedict linali likupita kale ku botolo la chakumwa chozizira chotsekemera.

Ndinatsegula zenera ndi mphamvu.

"Ba Benedict! Muli pa door!"

Anatembenuka, botolo lili m'manja. Analiyang'ana, nandiyang'ana ine, naseka. Analibweza m'madzi oundana muja n'kutenga la madzi akumwa, koma vitumbuwa anakana kubweza. Anakwera minibasi chimodzi chili kukamwa, chikalata atachikweza pamwamba kuti chisadonthere mafuta.