Phindu la Sitolo ya Alamu

Lackson anayala mapepala awiri pa tebulo la Dixon, mphunzitsi wa pamishoni. Lackson ndi anzake atatu anali ndi kampani yaing'ono, sitolo ya m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, yogulitsa mchere, nsalu ndi makasu kwa othyola tiyi. Ankafuna kuti Dixon agule masheya a mapaundi 20, ndalama zimene mphunzitsiyo ankasungira malata a nyumba.

Kukana kunali kovuta. Dixon anali mkamwini, ndipo munda umene ankalima anamulozera ndi Lackson yemweyo, mchimwene wa mkazi wake Marita.

"Werengani, alamu. Si inu mumakwapula ana chifukwa cha masamu?"

Dixon anali asanaonepo mapepala otere. Loyamba linali losavuta: m'chaka cha 1931 anagulitsa katundu wa mapaundi 300. Kuchotsapo mtengo wogulira katunduyo, lendi ndi malipiro, panatsala phindu la mapaundi 40.

Lachiwiri, limene Lackson ankalitcha balansi shiti, linali ndi mbali ziwiri: zimene kampani inali nazo tsiku lotseka chaka, ndi eni ake a zinthuzo. Mbali zonse zinathera pa 175. Dixon anayendetsa chala pang'onopang'ono. Katundu wa m'sitolo, 60. Ndalama m'bokosi, 5. Ngongole za anthu, 110. Mbali inayo, eni masheya pamodzi ndi phindu lija, 80. Mmwenye wa ku Limbe wowapatsa katundu pa ngongole, 95.

Dixon anadzutsa mutu.

"Alamu, phinduli lili kuti? M'bokosi muli 5."

"Lili kwa anthu. Tikagulitsa timalemba, kaya munthu walipira kaya ayi."

"Anthu ake ati?"

"Othyola tiyi. Amabweza akalandira malipiro a tikiti ya mwezi."

"Tiyi wagwa mtengo. Mvula ikatha azungu achotsa anthu, ena abwerera ku Mozambiki. Mudzawatsata?"

Lackson anaseka, koma mochedwa. "Mantha a aphunzitsi! Ndalama zanu tigulira ngolo."

"Mmwenye akufuna zake liti?"

"Mwezi ukatha."

Marita anaima pakhomo ndi mtsuko pamutu, osautula. Dixon anaona kuti mapaundi ake sadzagula ngolo. Adzangogona usiku umodzi m'bokosi, n'kukwera sitima ya ku Limbe. Anaganizanso za munda uja, chimanga chitayamba kale ngaiyaye.

"Ndigula a mapaundi awiri," anatero, maso ali pa tebulo. "Enawo ndidzaone kaye kuti 110 uyu watsika."

"Awiri? Ndine wopemphetsa ine?"

"Achimwene, dikirani madzi," anatero Marita.

Lackson anapinda mapepala ake, natuluka osatsanzika. Anatsika njira yodutsa m'munda, ndipo pamalire anaima kanthawi, akuyang'ana mizere.

"Akuyeza munda?" anafunsa Dixon.

Marita anatula mtsuko. "Mundawo ndi wa amayi, si wa sitolo. Koma Sabata lino mukawapatse moni inu poyamba."