Mpira Wosaoneka wa ku Nakho

Chaka chachitatu ndili pasukulu ya ku Nakho, ndinali nditalemba makalata anayi opempha kuti andisamutsire kutauni. Mwana wanga Manivone ndinamusiya kwa amayi akuyamwa chala, ndipo tsopano pafoni ankanditchula kuti "Aphunzitsi". Mvula ikayamba msewu unkasanduka phala, mwakuti miyezi itatu inkatha osamuona.

Yankho linabwera kudzera kwa ahedi, a Thongdam. Woyendera sukulu adzabwera kudzaonerera phunziro limodzi, ndipo akakhutira adzasaina kalata yanga.

"Phunziro lake liti?" ndinafunsa.

"Masewera olimbitsa thupi. Kuponya ndi kuwakha." A Thongdam ankayang'ana kudenga polankhula.

"Mukunena zoona, ahedi? Kuno?"

"Inetu ndangopatsidwa uthenga, mayi. Musandidye."

Ku Nakho kunalibe mpira, koma sikuti chifukwa cha umphawi wokha. M'nthaka yathu muli timabomba totsala pankhondo yakale, tobulungira ngati lalanje. Bwalo la sukulu ochotsa mabomba anali asanalifufuze, ndipo linazunguliridwa ndi zikhomo zofiira. Chaka chimene ndinafika, mnyamata wina, Sengdao, anatola kamodzi kumunda n'kuponyera mnzake, kanaphulika. Titaika maliro awiriwo, makolo anagwirizana chimodzi: mwana wa ku Nakho satola, saponya, sawakha chinthu chobulungira. Akachiona abwerere m'mbuyo, akaitane wamkulu. Ineyo ndi amene ndinkawabwerezetsa mawu amenewa m'mawa uliwonse.

Komabe buku la maphunziro linkati ana aphunzire kuponya. Ndiye ndinkakankhira mabenchi kukhoma, ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi n'kuima mozungulira, ine n'kutulutsa mpira wosaoneka m'thumba la siketi. Poyamba ankandiseka kuti mutu wanga sukuyenda bwino. Patatha mwezi ankakanganirana mpirawo mpaka kulira.

Woyenderayo, a Sisouk, anafika Lachinayi panjinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Anali munthu wa kuchigwa, kumene ana amamenya mpira mpaka dzuwa kulowa. Anakhala pampando wanga, cholembera m'manja.

"Zida zili kuti, mayi?"

"Zili m'manja mwa anawa, bwana."

Tinayamba ndi kuponyerana titaima mozungulira m'kalasimo. Woponya amatchula dzina la mnzake, n'kudikira kuti maso akumane. Kenako amaponda kutsogolo ndi mwendo wa mbali ina, osati wa mbali ya dzanja loponyera, ndipo dzanjalo limatsatira mpira mpaka kuloza pachifuwa cha mnzakeyo. Wowakha amaonetsa manja: ukabwera pamwamba, zala zazikulu zimayandikana, ukabwera pansi, tizala tating'ono ndi timene timayandikana. Amaomba m'manja kamodzi n'kukokera pachifuwa.

"Iwe Bounthan, mwendo uti umenewo?" ndinakuwa. "Ukuponya ngati bakha!"

"Mpirawu walemera lero, aphunzitsi. Wanyowa ndi mvula."

Ana anafa nacho chiseko. A Sisouk nawo anamwetulira, ine mtima unayamba kukhala pansi.

Kenako tinagawa magulu awiri. Gulu likapatsirana kakhumi osadukiza, lapambana. Wogwira mpira sayenda, choncho anzake amayenera kuthamangira pamalo popanda munthu. Ukatchulidwa dzina, mdani n'kukukhudza usanaombe m'manja, mpira wapita kwa adani. M'kachipinda kopanikiza kaja ana ankazembana, kukodolana ndi maso, kukalipirana.

"Chanpheng, tuluka kumbuyo kwa Bounthan, ndikuona bwanji uli kumeneko!"

"Nanga uponyere ine ndekha? Somchit ali yekhayekha uko!"

Chanpheng anali mlongo wake wa malemu Sengdao. Bambo ake, a Khamla, anali ataima pawindo pamodzi ndi makolo ena, monga amachitira anthu akamva kuti kwabwera mlendo wa njinga yamoto.

Masewera atatha, a Sisouk anagwedeza mutu. "Zokongola ndithu. Komatu mphepo aliyense angathe kuiwakha." Anapisa m'chikwama, natulutsa lalanje limene anagula panjira, n'kuliponya m'mwamba pakati pa ana. "Wakhani!"

Palibe anatambasula dzanja. Ana onse anabwerera m'mbuyo mpaka misana kugunda khoma, manja kumbuyo. Lalanje linagwa, n'kugubuduka pang'onopang'ono mpaka pansi pa benchi. Kamtsikana kena kanayamba kusisima.

"Si kanthu, ana inu, ndi lalanje chabe," anatero a Sisouk, manyazi atawagwira. A Thongdam anawanong'oneza za Sengdao ndi za pangano la makolo. Mlendoyo sanali woipa mtima. Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

"Pepani, sindinadziwe," anatero motsitsa mawu. "Koma taonani pepalali, mayi. Pali mzere wakuti ana akutha kuwakha chinthu choponyedwa. Sindingachonge zimene sindinaone. Ineyo sandidziwa, n'chifukwa chake athawa. Ponyani inuyo. Mwana mmodzi yekha awakhe kamodzi, ine ndisaina pompano."

Anatola lalanje lija n'kundiika m'manja.

Ndinakwiya, ndipo sindinadziwe woti ndimukwiyire. Kamodzi kokha! Ndinaona Manivone akundithamangira pachipata, ndinaona nyumba ya magetsi, ndinaona msewu wa tala. Zaka zitatu ndikudya mpunga womata ndi mphukira za nsungwi ndekhandekha, ndipo chitseko chinali chitatseguka, chongofuna kuponya dzanja kamodzi.

"Chanpheng," ndinaitana.

Sindikudziwa chifukwa chake ndinatchula iyeyo. Mwina chifukwa ndiye ankawakha bwino kuposa onse. Anachoka kukhoma, nandiyang'ana m'maso monga ndinamuphunzitsira. Anakweza manja, zala zazikulu zitayandikana bwinobwino. Akanawakha. Ndinadziwa kuti akanawakha, chifukwa woponya ndinali ine. Ndipo mawa lake kumunda, mnzake akamutchula dzina n'kumuponyera chinthu chobulungira, manja omwewo akanakwera okha asanaganize.

Ndinaona a Khamla pawindo. Anangogwira chitsulo cha windo ndi manja onse awiri.

"Tsitsa manja, mwanawe," ndinatero. "Wachita bwino. Bwerera pamalo pako."

Ndinabweza lalanje kwa mwini wake.

"Mayi, mwaganiza bwino?" a Sisouk anafunsa. "Kubweranso kuno ndi chaka chamawa, mwinanso chinacho."

"Akadzachotsa zikhomo zofiira pabwalopo, mudzabwere ndi mpira weniweni, bwana. Adzakuwakhirani mpaka mudzatope."

"Adzachotsa liti?"

A Thongdam ndiwo anayankha. "Pamndandanda wa ochotsa mabomba tili pa nambala sikisite-foro."

A Sisouk anasiya mzere uja wopanda kanthu, natseka chikwama. Mitambo inali itayamba kuda, ndipo anafulumira kuti awoloke mtsinje usanadzaze. Tinamva njinga ikulira potsika phiri mpaka phokoso linazimirira.

Ana anali chiimire kukhoma, akundiyang'ana. Misozi inali pafupi, ndipo sindinafune kuti aione.

"Mwaima ngati mitengo bwanji? Imaninso mozungulira! Mpira uli ndi ndani?"

Anayang'anana. Kenako Bounthan anakweza dzanja mwamantha.

"Uli ndi inu, aphunzitsi. Simunaponye."