Ada Asaine Okha

Getrude Mhone analemba kalata ija atatsamira pa belo la kaunjika mu msika wa Nkhata Bay, uku akuthamangitsa ntchentche zochokera kwa ogulitsa usipa. Ankalembera kiliniki ina yolipira ya ku Mzuzu, kumene bambo ake, a Levi, akhala akupita chiyambire dzinja. Anathokoza kaye mwaulemu. Kenako ananena kuti odwalawo sabweranso, ndipo anapempha kuti zonse za m'fayilo mwawo zitumizidwe kwa a Dokotala Munthali a pachipatala cha boma cha ku Nkhata Bay. Pansi anasaina yekha, nawonjezera kuti mwana wawo woyamba, gadiyani.

A Levi anali ndi khansa yakummero. Madokotala a kukilinikiko analowetsa kamera pakhosi, nadula kanyama kukapima, ndipo zotsatira zitabwera anaitanira Getrude pambali. Matenda anali atafalikira, panalibenso zoti n'kuchita opaleshoni. Tsiku lomwelo Getrude anaimbira mlongo wake Macpherson ku Joni, ndipo Macpherson analamula monga amalamulira anthu okhala kutali: Ada asauzidwe, angafooke mtima. Achibale onse anavomereza, poti ndi mmene anthu amachitira. Anapempha dokotala kuti dzina la matendawo lisalembedwe m'kabuku ka kuchipatala kamene odwala amasunga okha, chifukwa a Levi amawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira mandasi. Iwo anauzidwa kuti ndi zilonda zam'mimba zimene zakwera.

Tsopano kondowole anali atasiya kalekale. Ngakhale phala lamadzimadzi linkabwerera. Msewu wokhotakhota wokwera ku Mzuzu unkawasanzitsa m'minibasi mpaka kondakitala kumadandaula, ndipo mapiritsi a ululu ochokera kukilinikiko sankamezekanso. Getrude ankawamva akubuula kuseri kwa chitseko, iye n'kumangoyenda uku ndi uku pabwalo, wopanda chochita.

Ndi chifukwa chake anakaonana ndi a Munthali, oyang'anira gawo la paliyetivu, kumene amasamalira odwala matenda osachizika. Iwo anatsegula kabuku ka a Levi, nakatembenuza, napukusa mutu.

"Mayi, muno mwangolembedwa madiripu ndi mavitamini. Inu mukuti khansa, koma kabuku sikakutero. Mubwere nawo tiwaone, mankhwala a ululu amadzimadzi tili nawo. Koma ndikufunanso zotsatira za kanyama kaja, lipoti la kamera, ndi mankhwala onse amene akhala akulandira. Muwalembere akiliniki atitumizire."

Getrude anakwera minibasi ndi kalata yake m'chikwama. Pakauntala ya kiliniki anapeza nesi Margaret, amene ankawadziwa bwino, mayi wonenepa wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Margaret anawerenga kalatayo mpaka pansi, kenako anaibweza pang'onopang'ono.

"Mwalemba makora, mama. Koma mwasaina ndinu."

"Ine ndi gadiyani. Zotsatira munauza ine, osati iwo."

"Enya, ndipo pajapo tinakumverani chisoni. Koma fayilo ndi ya odwala. Adada anu mutu ukugwira?"

"Ukugwira kuposa wanga."

"Ndiye wonena kuti ndasiya kubwera kuno ndi iwowo. Wololeza kuti zinsinsi zawo zipite kwina ndi iwowonso. Mulembenso m'dzina lawo. Muike tsiku lobadwa, nambala ya fayilo iyi, dzina la dokotala watsopano ndi chipatala chake, ndi zimene mukufuna titumize. Asaine okha, mubwere ndi fotokope ya chitupa chawo. Fayilo yeniyeni imatsala kuno, ife timatumiza makope ndi kalata ya dokotala yofotokoza mwachidule."

Getrude anachonderera. Anatchula Mulungu, anatchula ubale wa agogo ake ndi anthu a ku Ekwendeni kwawo kwa nesiyo, analira ndithu pamaso pa anthu amene anali pabenchi. Margaret anamupatsa tishu, koma kalata sanailandire. Ndipo kunena zoona, nesiyo sanalakwe. Chokwiyitsa chake chinali chomwecho, kuti panalibe munthu womukwiyira.

Madzulo Macpherson anaimba. Kumbuyo kwake kunkamveka wailesi ndi phokoso la magalimoto.

"Nkhani yaing'ono iyo, sisi. Sainani inuyo motengera dzanja lawo. Kapena adinde chala akugona."

"Munthu woti anagwira ukalaliki padoko moyo wake wonse adinde chala? Akiliniki ali ndi saini yawo pafayilo. Ndipo akafika kwa a Munthali, pachitseko palembedwa chiyani?"

"Ndiye pindani pepalalo, muwaonetse posaina pokha. Koma osawauza, sisi. Mukawauza mwawapha ndinu."

Macpherson anadula foni. Iye anali atanena zake, za mawa zinatsalira amene ankatsuka beseni la masanzi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo Getrude anabadwa woyamba.

Analembanso kalatayo monga anauzidwira. "Ine Levi Mhone," inayamba motero, "ndikukudziwitsani kuti ndasiya kulandira chithandizo pa kiliniki yanu." Atafika pa mawu oti gawo la paliyetivu, anaima kaye. Anaganiza zowasiya, koma makope akanasochera m'chipatala chachikulu chija, ndipo a Munthali anali atanenetsa kuti alembe gawolo.

M'mawa mwake sanapite kumsika. Nyumba yawo inali pamtunda, m'njira yopita ku Chikale, ndipo a Levi anali pakhonde pampando wa ndalema, atafunda jekete ngakhale dzuwa linali litatentha kale. Munthu uja anali wathupi, tsopano kolala ya shati inkangolendewera. Pambali pawo panali chitini cholavuliramo. Getrude anagwada, nawapatsa pepala lopindidwa bwino pamwamba pa buku la nyimbo, ndi bolopeni.

"Ada, musaine apa. Ndi za kuchipatala."

"Za kuchipatala zotani?"

"Tikufuna muzionedwa konkuno. Msewu wa ku Mzuzu ukukuvutani."

"Yewu, mwana wangu. Wandiganizira." Anatambasula dzanja, koma osati kutenga bolopeni. "Magalasi anga ali pawindo."

"Ada, n'posaina pokha apa."

A Levi anamuyang'ana monga ankayang'anira anthu obwera ndi katundu wosalembedwa pasitima. "Getu, ine ndinasainapo chinthu chopinda?"

Anakatenga magalasi. Akanatha kunena kuti sakuwapeza, ndipo anaima pawindopo kanthawi akuganiza zomwezo. Koma kubuula kwa dzulo kunali kudakali m'makutu mwake. Anabwera nawo, nakhala pansi pa simenti, maso ali pa zala za kumapazi.

A Levi anafunyulula pepala. Ankawerenga ndi chala, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Chala chinadutsa tsiku lobadwa, chinadutsa nambala ya fayilo, chinafika pa zotsatira za kanyama kopimidwa, chinapitirira pang'ono, n'kuima.

"Paliyetivu," anatero. "Si kumene ankapita a Longwe a kwaya kuja?"

"Ndi komweko, Ada."

"A Longwe sanachire."

A Levi anabwezera chala pamzere wa kanyama uja.

"Kanyama kaja munati sanapezemo kanthu."

"Anapezamo, Ada. Ndi khansa. Yafalikira. Akuti sangathe kuichotsa." Mawuwo anatuluka mosavuta, moti iye mwini anadabwa. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti tsiku lowanena kudzagwa chinachake, koma nkhuku zinkangopalasa pabwalo ngati kale.

A Levi anavula magalasi, nalavulira m'chitini, napukuta pakamwa ndi mpango. Sanalire. Anafunsa ndi mawu apansipansi.

"Wadziwa liti?"

"Mvula itangoyamba."

"Macpherson?"

"Akudziwa."

"Abusa? Azimayi a Umanyano amene amabwera kudzaimba aja?"

"Onse, Ada."

"Ndiye pamene ndinkawauza kuti ndikachira ndidzawaphera mbuzi, iwo ankadziwa." Anaseka pang'ono, kuseka kowawa, kenako chifuwa chinawagwira. Getrude anafuna kuwasisita pamsana, koma anamukaniza ndi dzanja.

"Tinkaopa kuti mufooka mtima," anatero iye.

"Mvula itangoyamba ndinkayenda ndekha mpaka kumsika. Ndinkatha kukwera boti. Mlongo wanga Dorothy ali ku Usisya, maso anafa, sangabwere kuno. Tinasiyana titakangana pamaliro a amayi ako, ndipo mpaka lero sitinagwirane chanza. Ndinati ndipite pa Khirisimasi. Unati chiyani iwe?"

Getrude anakumbukira. "Ndinati mudikire muchire kaye."

"Unati ndidikire ndichire kaye. Ndipo ine ndinadikira, poti mwana wanga ndiye analankhula ndi dokotala." Anayang'ana miyendo yawo, yotupa m'mapazi, yoonda ngati bango m'mwamba. "Lero ndingatsike masitepe awa?"

Sakanatha. Onse awiri ankadziwa zimenezo. Kupita kuchimbudzi kokha ankachita kuwagwirira.

"Tikhoza kuwaimbira foni azakhali aja," Getrude anatero, akudziwa yekha kuti akulankhula zopanda pake.

"Mlandu wa pamaliro sautha pafoni."

Kumunsi, m'njira, anyamata ankakangana za injini ya boti. Getrude ankafuna bambo ake amukalipire, amutemberere ngakhale, kuti mwina mtima upepuke. Iwo anangovalanso magalasi, nawerenganso kalata yonse kuyambira pamwamba.

"Akatumiza mapepalawa, a Munthali adzandipatsa chothetsa ululu?"

"Akuti ali nawo amadzimadzi. Anati tikhoza kupita ngakhale mapepala asanafike."

"Nanga sitinapite bwanji?"

Getrude anaweramitsa mutu. Sanapite chifukwa cha chikwangwani cha pachitseko chija, ndipo bambo ake anamva yankho lake popanda iye kulinena. Masabata onse aja a kubuula anali oti akanapeweka.

"Bweretsa bolopeni."

Anasaina pang'onopang'ono, saini yawo yakale ya padoko yokhala ndi mchira wautali, nalemba deti pambali. Kenako pansi pa mndandanda wa zotumiza anawonjezera mzere umodzi ndi dzanja lawo: "Kope lina la zonsezi mundipatse ine mwini wake."

Anamupatsa pepala osamuyang'ana.

"Chitupa chili m'thumba la jekete ya tchalitchi. Pita lero lomwe, minibasi zisanathe."

Getrude anaimirira. "Ndiitane Bridget wa pafupi apa adzakhale nanu? Kapena ndiphike kaye kaphala?"

"Usaitane munthu. Onsewo ndawaona mokwanira."

"Ada, pepani."

"Ndamva. Pita."

Anatsika masitepe ndi kalata m'chikwama. Pokhota njira anatembenuka. A Levi anali atagwira mzati wa khonde ndi manja onse awiri, akuyesa kuimirira okha, phazi limodzi likufufuza sitepe yoyamba. Anayesa, nalephera, nakhalanso pansi.