Chindapusa cha Petronela

Mirriam anali ndi makalata anayi oti alembe m'mawa umenewo, mwana atagona kumsana. Anali msungichuma wa banki m'khonde ya amayi makumi awiri ku Zingwangwa, ndipo tsiku logawana lisanafike mu December ankayenera kukumbutsa onse amene anadumphitsa kusonkha. Mawu anali amodzimodzi, ankangosintha dzina ndi miyezi. Atatu oyambawo anawamaliza tiyi asanazizire. Yachinayi anailemba pang'onopang'ono.

"Mayi Petronela Makwinja,

"Ndikukudziwitsani kuti simunasonkhe K10,000 ya August, September ndi October. Monga tinagwirizana mu January, mwezi uliwonse wodumphitsa chindapusa chake ndi K2,000. Amene wadumphitsa miyezi itatu yotsatizana, akapanda kulipira pofika msonkhano wotsatira, amachotsedwa m'gulu. Patsiku logawana amalandira zimene anasonkha, kuchotserapo chindapusa, popanda phindu. Ngati mwavomereza, sainani m'munsimu.

"Ine msungichuma wanu, M. Kalino."

Petronela sanaonekenso kuyambira mu March, tsiku limene matope a namondwe Freddy anatsetsereka m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba za ku Manje. Mwamuna wake Venansio anali ku ntchito, mwana wawo Alinane anali kwa azakhali ake ku Nancholi. Anthu anakumba milungu iwiri. Thupi silinapezeke, ndipo maliro sanachitike.

Mu April, amayi ali pa msonkhano, Venansio anaima pa geti atagwira K10,000. Anati ndi ya akazi ake. Mirriam anayang'ana apampando, apampando anayang'ana pansi, ndipo iye analandira n'kulemba. Zinatero mpaka July. Kenako ntchito yowotcherera zitsulo inayamba kusowa, Venansio osabweranso.

Apampando, Mayi Regina, anafika Mirriam akupinda kalatayo. Anakhala pa mpando osauzidwa, navula nsapato imodzi.

"Walemba?"

"Ndalemba, amayi."

"Tenganso ichi." Anatulutsa pepala lina m'chikwama. "Lamulo la wakufa ukulidziwa. Chindapusa palibe, zosonkha zonse amalandira amene analembedwa ngati wolowa m'malo, ndi phindu lake lomwe, kuwonjezapo K30,000 ya chipepeso ya m'thumba la zadzidzidzi. Kalata ya kuchipatala palibe, nde tagwirizana kuti bamboyo akangosaina kuti mkazi wake anamwalira, basi."

"Nanga akakana?"

"Akane bwanji? Mwana uja akupita ku sukulu atavala slipasi zosiyana mitundu. Iwe unafika Fomu Folo, ukamuwerengere bwinobwino. Usakangoima ngati mtengo wa magetsi."

Mirriam anali atawerengera kale. Njira ina inali K64,000. Inayo, phindu la chaka chino likakhala momwe linkaonekera, inkafika K125,000.

Ananyamuka cha m'ma teni, mapepala awiriwo ali m'thumba la pulasitiki. Mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa Soche. Anaiyang'ana kawiri, namangitsa chitenje cha mwana, napitiriza. Petronela ndiye anamulowetsa m'gululi, ndiyenso anaimika dzanja kuti akhale msungichuma, akuseka kuti munthu wamantha chonchi sangabe. Mirriam anakumbukira zimenezi ali pa msewu, koma mumtima munalibe chomwe chinagwedezeka. Ankangomva kuti thumba likumumata m'manja ndi thukuta.

Anamupeza Venansio pa shedi ya malata kuseri kwa msika, atakhala pa chitini cha penti. Magetsi anali atazima. Geti losatha linali litatsamira khoma.

"Mwaswera bwanji, bambo a Alinane?"

"Ndaswera, kaya inu asungichuma? Mwabwera kudzandigwira?"

"Ayi, ndangobweretsa kalata."

Anapukuta manja pa ovololo, nailandira ndi manja awiri. Anayang'ana dzina limene linali pamwamba kwa nthawi yaitali asanaitsegule. Anawerenga milomo ikuyenda.

"Sikisi sauzande," anatero. "Amayi inu simuseka ndi munthu eti."

"Ndi lamulo, tinagwirizana tonse. Akazi anu nawonso anasaina."

"Ndikudziwa. Chaka chatha anachedwa mphindi khumi munawadula 200, anabwera kunyumba akutukwana njira yonse." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. "Thate sauzande ya miyeziyo ndilibe. Mukuona nokha."

Mirriam anatulutsa pepala lachiwiri. Analifotokoza monga anauzidwira, manambala onse, imodziimodzi, maso ali pa geti losathalo. Mawu ake ankamveka ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. Atafika pa chipepeso, mwana anadzuka nayamba kumukoka duku.

Venansio sanalilandire pepalalo. Analiyang'ana lili m'manja mwa Mirriam.

"Pamenepa ndilembe kuti chiyani?"

"Dzina lanu basi. Zina zalembedwa kale."

"Zalembedwa kuti chiyani?"

Mirriam anayang'ana pepalalo. "Kuti anamwalira."

"Munawaona?"

"Ayi."

"Inenso sindinawaone."

Kabaza anadutsa akuliza belu. Kumsika wina ankakuwa mtengo wa tomato.

"Bambo a Alinane, kusiyana kwake ndi K61,000. Yunifomu, nsapato, lendi ya miyezi iwiri. Apampando akuti ndikuwerengereni."

"Mwawerenga bwino. Sukulu munapitadi." Anatembenuza kalata yoyamba ija. "Iyi mwalembera ndani?"

"Mayi a Alinane."

"Eya. Kuyambira March ndinu oyamba kuwalembera. Ku tchalitchi anawachotsa mu kaundula wa kwaya, achibale awo anagawana kale zitenje zimene zinatsala kwa mchemwali wawo. Inu nokha ndi amene mukuwafunsa kuti mayi, ndalama zili kuti." Anatambasula dzanja. "Ndibwerekeni cholembera."

Mirriam anaganiza za slipasi zosiyana mitundu zija. Anadziwa kuti pamenepa ndi pamene ankayenera kulimbikira, kunena kuti mwana sadya dzina la m'buku. Mayi Regina akanatero. Mawuwo anali okonzeka pakamwa, koma anangoona dzanja lake likupereka cholembera.

Venansio anatsamiritsa kalatayo pa bondo, nasaina m'munsi mwa chindapusa. Analemba dzina lake, kenako anawonjeza kuti "m'malo mwa P. Makwinja, sali pakhomo."

"Akabwera adzalowanso chaka cha mawa?"

"Lamulo silikana. Amayambiranso mu January."

"Chabwino."

Loweruka, pa msonkhano, atatu aja analipira, wina akudandaula kuti msungichuma ali ndi mtima wa ofisala wa misonkho. Itafika nkhani ya Petronela, Mirriam anaimirira n'kuwerenga kalata yosainidwayo. Mayi Regina anamulanda, naiyandikitsa kumaso.

"Sali pakhomo! Iwe Mirriam, ndinakutuma chiyani?"

"Ndinawawerengera, amayi."

"Nde?"

"Anasaina iyi."

Panali phokoso pang'ono. Wina anati bamboyo mutu sukuyenda, wina anati angomupatsa chipepesocho mwakachetechete. Mayi Regina anati thumba la zadzidzidzi silituluka popanda siginecha, ndipo akaphwanya lamulo lero mawa aliyense adzabwera ndi nkhani yake. Anafunsa ngati pali wotsutsa. Panalibe.

Mirriam anakhala pansi, natsegula buku. Anaika rula pa mzere wa Petronela n'kudula kuyambira August mpaka December. M'mphepete analemba kuti, "Wachotsedwa, sanasonkhe. Alandire K64,000." Mwana anagwira ngodya ya tsamba n'kuiyika m'kamwa. Mirriam anamuchotsa zala chimodzichimodzi, nayamba kuwerenga ndalama za November.