Makatani a mu Saluni ya Tikondwe

Tikondwe atatsegula saluni yake pa Mayani, anasangalala kwambiri ndi zenera lalikulu la chipindacho. Analowamo mu Juni, ku Dedza kukuzizira, ndipo amayi obwera kudzalukitsa tsitsi ankalimbirana mpando wa padzuwa.

Pofika Okutobala zinthu zinatembenuka. Zeneralo linaloza kumadzulo, ndiye dzuwa likangopendeka linkalowa lonse, n'kumenya pagalasi loonera, n'kumathobwa anthu m'maso. Tikondwe anapachika nsalu yakuda yokhuthala. Kuthobwako kunatha, koma nsaluyo inkatentha ngati chiwaya, m'chipinda monse thukuta lokhalokha.

Tsiku lina kunabwera Mayi Bernadetta, mayi wamkulu wa kwaya ya ku Kasina, amene sankalukitsa kwina. Anaima pakhomo n'kusuzumira.

"Mwanawe, kodi muno mwagwa zovuta? Ndiyambe nyimbo ya maliro?"

Tikondwe anaseka, koma mawuwo anamulowa.

Tsiku la msika anapita kwa a Gervazio, ogulitsa nsalu ndi makatani a kaunjika. Katundu wawo anali atayalidwa padzuwa, ndipo posankhasankha Tikondwe anaona kuti nsalu zakuda zikuotcha m'manja, pomwe zoyera zinali zofunda pang'ono chabe. Anagula yoyera yopyapyala.

Kutentha kunachepadi, koma kuwala kunkapyola nsaluyo, zenera lonse kungoti mbee, anthu n'kumatsinzinabe.

"Mudakandiuza kuti ndi za zenera la kumadzulo, mayi," anatero a Gervazio, Tikondwe atabwererako kukadandaula. "Yoyerayo isiyeni iyang'ane panja, izibweza dzuwa. Mkati musokerepo ina yokhuthalako, ya mtundu umene mtima wanu ukufuna."

Mtima wa Tikondwe unkafuna yobiriwira. A Gervazio anamubwereka ziwiri kuti akayese, yobiriwirayo ndi ina yachikasu chopita ku lalanje, ya timaluwa.

Woyesera anali Mayi Bernadetta omwewo. Tikondwe atapachika yobiriwira patsogolo pa yoyera, mayiwo anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Ndachoka kunyumba ndili bwinobwino ine. Taona nkhopeyi, ngati ndadwala malungo sabata yonse."

Tikondwe anakwera pampando, n'kusintha. Chipinda chinadzaza ndi kuwala kofewa, konga kwa papaya lakupsa. Mayi Bernadetta anatembenuzira tsaya uku ndi uku.

"Eya. Apa ndiye ndabwerera ku utsikana. Usaichotsenso."

Madzulo omwewo telala wa khomo loyandikana analumikiza nsalu ziwirizo, yoyera kunja, yachikasu mkati. Tikondwe anaphunziranso kutseka katani dzuwa lisanafike pazenera, osadikira kuti chipinda chitenthe kaye.

Loweruka lotsatira, Mayi Bernadetta anabwera ndi anzawo a kwaya, onse ofuna kulukitsa pokonzekera ukwati wa kutchalitchi. Mipando inachepa, ena anakhala pamkeka. Poyembekeza anayamba kuyeserera nyimbo, ndipo Tikondwe, chipeso chili m'manja, ankathira mang'ombe mpaka dzuwa linalowa.